Kuwerenga mapu a sitima ndi mabasi mumzinda wa London

Munthu amene wangofika kumene ku London kudzagwira ntchito ayenera kudziwa kuti mapu a sitima zapansi panthaka sanajambulidwe kuti aonetse kutalika kwa mtunda. Harry Beck, amene mapu ake anasindikizidwa koyamba mu 1933, anawongola njanji zonse n'kuika masiteshoni motalikirana pafupifupi mofanana, pofuna kuti wokwera aone ndondomeko ya masiteshoni ndi malo osinthira sitima basi. N'chifukwa chake mlendo amatha kulipira ulendo wochokera pa Leicester Square kupita pa Covent Garden, chikhalirecho ndi mtunda wosakwana mamita 300, woti n'kungoyenda wapansi.

Pamapu, njanji iliyonse ili ndi mzere wa mtundu wakewake, ndipo kabwalo koyera kozunguliridwa ndi mzere wakuda kamasonyeza siteshoni yosinthira. Koma chimene chimasokoneza ambiri ndi njanji zokhala ndi nthambi.

Tiyerekeze kuti mukukhala ku Edgware ndipo ntchito mwaipeza pafupi ndi London Bridge. Masiteshoni onse awiri ali pa mzere wakuda wa Northern, choncho mukhoza kuganiza kuti sitima iliyonse yolowera kumwera ikufikitsani. Sizili choncho, pakuti ikadutsa pa Camden Town njanjiyi imagawika pawiri: nthambi ina imadzera ku Bank, ina ku Charing Cross, ndipo London Bridge ili pa nthambi ya ku Bank yokha. Motero musanakwere, werengani chikwangwani chamagetsi cha papulatifomu ndipo mudikire sitima yolembedwa "via Bank", ngakhale ina itafika msanga. Mukamva akulengeza Mornington Crescent mutangochoka pa Camden Town, dziwani kuti mwakwera yolakwika. Kubwerera sikofunika ayi, chifukwa mukhoza kutsika pa Euston, siteshoni yotsatira, pomwe nthambi zonse ziwiri zimadutsa, n'kusamukira pa pulatifomu ya ku Bank. Ngati mwazindikira mochedwa, tsikani pa Waterloo mukwere sitima ya pa mzere wa Jubilee yolowera kum'mawa, ndipo London Bridge ndi siteshoni yachiwiri.

Manambala otuwa amene ali kumbuyo kwa mizereyo ndi zigawo zolipirira. Edgware ili m'chigawo 5 pomwe London Bridge ili m'chigawo 1, ndipo mtengo umatengera zigawo zimene mwadutsa komanso nthawi, pakuti Lolemba mpaka Lachisanu umakwera kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4:00 mpaka 7:00 madzulo. Ine ndimalangiza kuti munthu ayang'ane nambala ya chigawo asanagwirizane za lendi ya nyumba.

Mapu a mabasi ndi osiyana. Pamalo okwerera pamakhala mapu a dera lokhalo, ndipo siteji iliyonse ili ndi chilembo chake pamwamba pa mtengo wachitsulo. Pezani dzina la kumene mukupita pamndandanda, muone nambala ya basi ndi chilembo cha siteji, chifukwa basi ya nambala yomweyo yoima tsidya lina la msewu ikulowera kwina. Kondakitala woitanira mulibe, ndalama zapamanja salandira, ndipo khadi lolipirira mumagunditsa pa makina pokwera pokha, pomwe pa sitima muyenera kugunditsa polowa ndi potuluka pomwe.