Minofu Imene Imayendetsa Munthu Posambira Chafufumimba

Pa kasambiridwe ka kirolo, kamene munthu amagona chafufumimba n'kumapalasa ndi mikono mosinthanasinthana, liwiro lalikulu limachokera ku mikono, koma minofu imene imagwira ntchitoyo ili kumsana ndi pachifuwa.

Tiyeni tiutsatire mkono wamanja. Dzanja likalowa m'madzi kutsogolo kwa phewa, wosambira amapinda chigongono chili m'mwamba, zala zitaloza pansi, kuti chikhatho ndi mkono ziyang'ane kumbuyo. Apa m'pamene umayamba kukoka mnofu waukulu wotchedwa latisimasi, umene umayambira kumunsi kwa msana ndi m'chiuno, n'kudutsa m'khwapa kukalumikizika ku fupa la mkono pafupi ndi phewa. Umathandizana ndi mnofu waukulu wa pachifuwa kukokera mkono pansi ndi kumbuyo, kenako mnofu wa kuseri kwa mkono umawongola chigongono mpaka dzanja litafika pantchafu. Chigongono chikagwa msanga, dzanja limangosisita madzi, ndipo munthu amapalasa kambirimbiri koma osapita patali.

Miyendo imayambira m'chiuno. Minofu ya kutsogolo kwa chiuno imatsitsa ntchafu, ya kutsogolo kwa ntchafu imawongola bondo kuti phazi limenye madzi, ndipo ya m'matako ndi ya kuseri kwa ntchafu imakweza mwendo uli wowongoka. Amene amapinda maondo ngati akupalasa njinga amangodzitopetsa. Minofu imeneyi ndi ikuluikulu ndipo imadya mpweya wambiri, n'chifukwa chake osambira mtunda waufupi amamenya kasanu ndi kamodzi pamene mikono yonse yazungulira kamodzi, pomwe ambiri a mtunda wautali amamenya kawiri kokha, kungoti chiuno chisamire.

Kupendekeka kwa thupi ndiko kumalumikiza zonsezi. Mkono wamanja ukamatambasukira kutsogolo, phewa ndi chiuno cha kumanja zimatsikira m'madzi, dzanja limafika patali, ndipo latisimasi amatanuka asanakoke, motero amakoka mtunda wautali. Nthawi yomweyo phewa lakumanzere limatuluka m'madzi, mkono n'kubwerera kutsogolo momasuka, ndipo kamwa limafikira mpweya popanda kudzutsa mutu. Mfundo yomalizayi ndimaiona kuti ndi yaikulu, chifukwa mutu ukadzuka miyendo imamira. Wosambira thupi lili gwa amakakamiza phewa kukweza mkono kumbuyo kwa msana, ndipo timinofu tinayi timene timagwira mutu wa fupa la mkono m'malo mwake timapanikizika, mpaka kutsogolo kwa phewa kumayamba kuwawa.

Komabe kupendekeka kuli ndi malire ake. Minofu ya m'mbali mwa mimba iyenera kutembenuza mapewa ndi chiuno pamodzi, mutu uli phee. Munthu akapendekeka mopitirira popuma, dzanja limawoloka pakati pa thupi, miyendo imatangadza kuti asagudubuzike, ndipo woyima pamtunda amamuona akuyenda mokhotakhota.