Abwana akavomera tchuthi pakamwa, musapite musanalembe

"Palibe vuto, kapumeni milungu iwiri." Abwana ambiri amavomera tchuthi chonchi, ali pakhomo la ofesi kapena akulowa m'galimoto. Chilolezocho n'chenicheni, koma mukabwerako n'kupeza kuti abwanawo aiwala, kapena asamutsidwa, m'buku la ofesi yoona za antchito mudzaoneka ngati munajomba. Ndime 59 ya lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 imaika kujomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka m'gulu la milandu yochotsera munthu ntchito nthawi yomweyo.

Nthawi zambiri mkangano sukhala woti anavomera kapena ayi. Umakhala pa masiku. Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito masiku asanu pa mlungu, ndiye kuti ndime 44 imakupatsani masiku 15 a tchuthi pachaka (ogwira masiku asanu ndi limodzi amapatsidwa 18). Mwagwirizana "milungu iwiri" kuyambira Lolemba pa 29 Juni 2026. Abwana akuyembekezera kukuonani Lolemba pa 13 Julayi. Inu mukuwerenga masiku 10 ogwira ntchito, ndipo poti pa 6 Julayi ndi holide ya ufulu wodzilamulira, tsiku lanu lakhumi ndi 13 Julayi lomwelo, kubwerera n'kwa pa 14. Palibe akunama apa, koma tsiku limodzi limeneli likhoza kukubweretserani kalata ya chenjezo.

Choncho tsiku lomwe mwalankhulanalo tumizani imelo kapena kalata yaifupi yotere:

"Bwana, potsatira zomwe tinakambirana lero m'mawa, mwandilola kupita kutchuthi cha pachaka, cholipidwa, kuyambira pa 29 Juni mpaka pa 13 Julayi 2026. Awa ndi masiku 10 ogwira ntchito, osawerengera holide ya pa 6 Julayi. Ndidzayamba ntchito Lachiwiri pa 14 Julayi, ndipo nditsala ndi masiku 5. Chonde ndiyankheni kuti ndi momwemo ndisanachoke Lachisanu."

Mawu oti "cholipidwa" musawasiye. Ena amadzadzidzimuka pa mapeto a mwezi atadulidwa malipiro, chifukwa a ku akaunti anachitenga ngati tchuthi chosalipidwa.

Ambiri amakonda kutseka ndi mawu oti "mukapanda kuyankha nditenga kuti mwavomera." Ine sindiwakhulupirira mawu amenewa. Amangosonyeza kuti munatumiza uthenga, osati kuti abwana anavomera, ndipo ena amawamva ngati mwano. Yankho la liwu limodzi, ngakhale pa WhatsApp, limaposa kukhala chete. Akachedwa kuyankha, sindikizani kalatayo, mupite nayo akasayine.

Fufuzaninso ngati amene wavomerayo ali ndi mphamvu zotero. M'makampani ambiri kapitawo amangopereka maganizo, wovomereza ndi mkulu wa nthambi, ndipo pamakhala fomu ya tchuthi. Uthenga wanu sulowa m'malo mwa fomuyo, lembani zonse ziwiri. Kope yosayinidwa kasungeni kunyumba kapena ijambuleni pa foni yanu, chifukwa imelo ya kuntchito amaitseka munthu akachotsedwa, pomwe ku ofesi ya leba adzafuna kuona umboniwo.