Nambala 1 yobisika mu intigiralo ya ln x

Wophunzira kalikulasi amaloweza msanga kuti derivativu ya ln x ndi 1/x, koma akafunsidwa kuti apeze intigiralo ya ln x yemweyo, nthawi zambiri amasowa poyambira. Malamulo amene anazolowera, monga lija lowonjezera 1 pa pawa ya x, sagwira ntchito pano chifukwa ln x si pawa ya x. Ena amangolemba 1/x ngati yankho, osazindikira kuti abwerera kumbuyo m'malo mopita kutsogolo.

Njira imene imathandiza ndi intigireshoni ya m'magawo, imene inachokera ku lamulo lopezera derivativu ya mafankishoni awiri ochulukitsana:

```
∫ u dv = uv − ∫ v du
```

Chimene chimazunguza anthu n'chakuti fomula imeneyi imafuna zinthu ziwiri zochulukitsana, pamene ife tikuoneka kuti tili ndi chimodzi chokha. Chachiwiricho chilipo ndithu, kungoti sichilembedwa. Nambala iliyonse ikachulukitsidwa ndi 1 sisintha, choncho ln x ndi chimodzimodzi ndi 1 · ln x, ndipo 1 ameneyu ndiye gawo limene timalisowa.

Tsopano pakufunika kusankha mwanzeru kuti u akhale chiyani. Tikati u akhale 1, ndiye kuti dv akhala ln x dx, ndipo kuti tipeze v tiyenera kudziwa kale intigiralo ya ln x, chomwe ndi chinthu chimene tikufunafunacho. Kusankha koteroko sikutifikitsa kulikonse. Tiyenera kupereka kwa u gawo limene timadziwa derivativu yake, ndipo kwa dv gawo limene intigiralo yake ndi yosavuta:

```
u = ln x        dv = 1 dx
du = (1/x) dx   v = x
```

Tikaika zimenezi mu fomula, timapeza x ln x − ∫ x · (1/x) dx. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Logarizimu imene inkatisautsa ija yasanduka 1/x, nambala 1 ija yasanduka x, ndipo ziwirizi zikachulukitsana zimafafanizana n'kusiya 1 yekha, amene intigiralo yake ndi x. Yankho ndi ili:

```
∫ ln x dx = x ln x − x + C
```

Ine ndimalangiza aliyense kuti asakhulupirire yankho la intigiralo asanaliyese, makamaka pamene kuyesako kumangotenga mzere umodzi. Derivativu ya x ln x ndi ln x + x · (1/x), kutanthauza ln x + 1. Derivativu ya −x ndi −1, ndipo imachotsa 1 wotsalayo, n'kutisiyira ln x. Kuyesaku kukusonyezanso chifukwa chake −x sayenera kuiwalika: amene walemba x ln x yekha amatsala ndi 1 wowonjezera, ndipo amene wasokoneza chizindikiro n'kulemba x ln x + x amatsala ndi 2.

Tiyeni tione ndi manambala enieni, kuchokera pa x = 1 kufika pa x = 2. Pa 2 fomula ikupereka 2 ln 2 − 2, ndipo pa 1 ikupereka 0 − 1, popeza ln 1 ndi 0. Tikachotsera yachiwiri pa yoyamba, tikupeza 2 ln 2 − 1, ndipo popeza ln 2 ndi pafupifupi 0.693, yankho ndi pafupifupi 0.386. Girafu ikhoza kutiuza ngati nambala imeneyi ndi yomveka, popeza intigiraloyi ndi kukula kwa malo a pansi pa mzere wa ln x. Mzere wa ln x umayambira pa 0 pamene x ndi 1, n'kukwera kufika pa 0.693 pamene x ndi 2. Ukanakhala wowongoka, malo a pansi pake akanakhala thirayango yotalika 1 m'munsi, ndipo kukula kwake kukanakhala theka la 0.693, kapena kuti pafupifupi 0.347. Koma mzerewu ndi wopindika ndipo umadutsa pamwamba pang'ono pa wowongokawo, choncho 0.386 ndi nambala yoyembekezeka. Uja analemba 1/x akanapeza 1/2 − 1, yomwe ndi −0.5, nambala yochepera pa ziro pa malo amene ali pamwamba pa mzere wopingasa wa x, ndipo pamenepo akanadziwa yekha kuti walakwitsa.

Fomulayi ili ndi malire ake, chifukwa ln x imagwira ntchito pokhapokha x akaposa 0. Amene akufuna intigiralo kuchokera pa 0 kufika pa 1 sangangoika 0 mu fomula, popeza ln 0 kulibe. Ayenera kuona kumene x ln x akulowera pamene x akuyandikira 0, ndipo ngakhale logarizimu imatsika mopanda mapeto, x amachepa mofulumira kwambiri moti x ln x amalowera ku 0. Yankho limakhala −1, lochepera pa ziro chifukwa pakati pa 0 ndi 1 girafu yonse ili pansi pa mzere wopingasa wa x.