Phunziro loyamba la HTML ku sekondale: wophunzira aliyense adzipangire tsamba lonena za iye mwini

Mphunzitsi amene wapatsidwa mapiriyodi awiri otsatizana, amene onse pamodzi ndi mphindi 80, kuti ayambe kuphunzitsa HTML, amafuna kuti ophunzira aone zambiri tsiku lomwelo: mitundu, zithunzi, matebulo ndi zina zotero. Malangizo anga kwa aphunzitsi anzanga a m'masukulu a kuno ku Zomba ndi akuti tsiku loyamba likhale ndi cholinga chimodzi chokha. Wophunzira azolowere kulemba mawu mu fayilo, kuisunga, ndi kuona pa sikirini kuti zimene walembazo zasintha tsamba. Akagwira zimenezi, maphunziro otsatirawo amayenda bwino, koma akazilephera amangokopera za pa bolodi temu yonse osadziwa chifukwa chake tsamba lake silikufanana ndi la mnzake.

HTML ndi njira yoikira zizindikiro pa mawu kuti bulawuza, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome kapena Firefox, idziwe kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, uwu ndi mndandanda. Anaiyambitsa ndi Tim Berners-Lee cha m'ma 1990 pamene ankagwira ntchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Mbiri imeneyi ikwanira m'ziganizo ziwiri ndipo isadye nthawi ya phunziro. Chimene chiyenera kumveka bwino, ngakhale kwa ahedi amene amada nkhawa ndi ndalama za bandulo, n'chakuti phunziroli silifuna intaneti. Kompyuta iliyonse ya Windows ili kale ndi Notepad ndi bulawuza, ndipo tsamba limatseguka kuchokera mu kompyuta momwemo. Microsoft Word isagwiritsidwe ntchito, chifukwa imasunga fayilo m'njira yakeyake komanso imasintha zizindikiro za `"` kukhala zopindika, zimene bulawuza siziwerenga ngati mbali ya HTML.

Mphindi 10 zoyambirira zikhale za pa bolodi, makompyuta asanakhudzidwe. Mphunzitsi alembe mzere umodzi wokha:

```html
<h1>Tsamba langa</h1>
```

Kenako afunse ophunzira kuti anene kusiyana kwa chizindikiro chakumanzere ndi chakumanja. Iwo okha adzaona kamzere kopendekeka `/`, ndipo pamenepo ndi pamene mphunzitsi angafotokoze kuti zizindikirozi zimatchedwa matagi, kuti loyamba limatsegula ndipo lachiwiri limatseka, monga m'mene mabulaketi a m'masamu amayendera awiriawiri. N'kofunikanso kuwaonetsa pamene zizindikirozi zili pa kiyibodi, pakuti ophunzira ambiri a Fomu 3 sanazilembepo. Chizindikiro `<` chimabwera munthu akadina Shift pamodzi ndi batani la koma, ndipo `>` chili pa batani loyandikana nalo. Chizindikiro `"` chimavutirapo, chifukwa pa makiyibodi ena chili pafupi ndi Enter pamene pa ena chili pa nambala 2, ndipo m'chipinda chimodzi cha makompyuta opatsidwa ndi anthu osiyanasiyana mitundu yonse iwiri imapezeka.

Mphindi 15 zotsatira ndi zimene ndimaziona kuti ndi zofunika kwambiri pa tsikulo, ngakhale kuti HTML yolembedwa m'mphindizi ndi mzere umodzi womwe uja. Wophunzira atsegule Notepad, alembe mzerewo, kenako asankhe File ndi Save As. Pa `File name` alembe `ine.html`, pa `Save as type` asankhe `All Files`, ndipo pa `Encoding` asankhe `UTF-8`. Fayiloyo isungidwe mu foda yokhala ndi dzina lake pa Desktop. Akaidina kawiri, bulawuza iyenera kuonetsa mawu akuti "Tsamba langa" m'zilembo zikuluzikulu, matagi osaoneka.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Ngati fayilo yatsegukanso mu Notepad m'malo mwa bulawuza, ndiye kuti yasungidwa ngati `ine.html.txt` kapena `ine.txt`. Vutoli silioneka msanga chifukwa Windows imabisa mathero a mayina a mafayilo, choncho fayilo yotchedwa `ine.html.txt` imaoneka ngati `ine.html`, ndipo wophunzira amalimbikira kunena kuti walemba zolondola. Mphunzitsi achite bwino kuzungulira makompyuta onse dzulo lake, n'kutsegula File Explorer, n'kuchonga `File name extensions` pansi pa View, kuti mayina azioneka athunthu. Ntchito yaing'ono imeneyi imapulumutsa gawo lalikulu la piriyodi.

Tsamba likaoneka, wophunzira asatseke Notepad. Abwerere kumeneko, asinthe mawu amodzi, adine Ctrl+S, apite ku bulawuza ndi Alt+Tab, adine F5, aone kusinthako. Achite zimenezi kangapo mpaka zala zitazolowera. Wophunzira akadzanena kuti "Aphunzitsi, sizikusintha", pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa zitatu: sanasunge, sanadine F5, kapena akulemba mu fayilo ina pamene bulawuza yatsegula ina. Chachitatuchi chimadziwika poyerekeza dzina ndi foda zimene zili pamwamba pa bulawuza ndi fayilo imene ili mu Notepad. Amene watseka Notepad mwangozi adine fayiloyo ndi batani lakumanja la mawusi, asankhe `Open with`, kenako Notepad. Chizolowezi cha Ctrl+S chili ndi phindu linanso, pakuti magetsi akazima pakati pa phunziro, zimene zasungidwa zokha ndi zimene zimatsala.

Zikatero kalasi yakonzeka kulemba tsamba lenileni, ndipo ntchitoyi ipatsidwe mphindi 30. Chitsanzo chili m'munsichi chikhale pa bolodi kapena pa mapepala, ndipo ophunzira achilembe ndi manja awo, osati kuchikopera kuchokera pa fulashi:

```html
<!DOCTYPE html>
<html lang="ny">
<head>
  <meta charset="utf-8">
  <title>Za ine</title>
</head>
<body>
  <h1>Tsamba langa</h1>
  <p>Ndili Fomu 3 ndipo ndimakhala ku Zomba, m'dziko la Malaŵi.</p>
  <h2>Zimene ndimakonda</h2>
  <ul>
    <li>Kukwera phiri la Zomba</li>
    <li>Mpira wamanja</li>
  </ul>
</body>
</html>
```

Si mzere uliwonse umene uyenera kufotokozedwa mozama tsiku loyamba. Mzere woyamba umauza bulawuza kuti fayiloyi ndi ya HTML yamakono, ndipo `lang="ny"` akunena kuti mawu a m'tsambali ndi a Chichewa. Kufotokoza kumeneko n'kokwanira. Pofunika kuimapo ndi pa kusiyana kwa `head` ndi `body`. Zimene zili mu `body` ndi zimene zimaoneka pa tsamba, pamene mawu a mu `title` amaoneka pamwamba penipeni pa bulawuza, pa kachigawo kakang'ono kosonyeza dzina la tsamba. Ophunzira ambiri amafufuza mawu akuti "Za ine" pakati pa tsamba ndipo akapanda kuwapeza amaganiza kuti alakwitsa, choncho ndi bwino kuwauza kuti aloze ndi chala pamene mawuwo atulukira.

Mzere wa `charset` uli ndi umboni wake m'dzina la dziko lathu lomwe. Chilembo cha ŵ sichili m'gulu la zilembo zimene makompyuta akale ankazidziwa, ndipo bulawuza ikawerenga fayilo ya UTF-8 ngati ya mtundu wakale, m'malo mwa Malaŵi pamatuluka `MalaÅµi`. Notepad ya pa makompyuta akale imasunga ndi `ANSI` ngati munthu sanasankhe yekha, ndipo imachenjeza kuti zilembo zina zitayika; n'chifukwa chake ndatchula `Encoding` poyamba paja. Popeza ŵ palibe pa kiyibodi, wophunzira angathe kulemba `Mala&#373;i` ndipo bulawuza idzaonetsa chilembo choyenera.

Chitsanzocho chikayenda, aliyense asinthe mawu kuti tsamba linene za iye: phunziro limene amalikonda, ntchito imene akufuna kudzagwira, chakudya kapena masewera. Awonjezere ndime yachiwiri ndi zinthu zina ziwiri pa mndandanda. Pochita izi wina adzadina Enter kangapo kuti asiye mpata pakati pa ziganizo, n'kudabwa kuti bulawuza yaziphatikiza pa mzere umodzi. Imeneyi ndi nthawi yabwino yofotokoza kuti bulawuza imaona mipata yambiri ndi mizere yatsopano ngati mpata umodzi wokha, ndipo ndime yatsopano imafuna `<p>` wake. Ndimaumiriranso lamulo limodzi popanda kunyengerera: pa tsambalo pasalembedwe nambala ya foni, tsiku lobadwa, kapena malo enieni a nyumba ya kwawo. Lero fayiloyo ili mu kompyuta ya pasukulu yokha, koma makompyutawo amagwiritsidwa ntchito ndi makalasi ambiri, ndipo tsiku lina tsamba lomwelo lingaikidwe pa intaneti.

Kumene makompyuta ndi ochepa ndipo ophunzira atatu kapena anayi akhala pa imodzi, zimachitika kawirikawiri kuti amene ali ndi kompyuta kwawo amalanda kiyibodi ndipo enawo amangoonerera. Njira yake ndi yakuti aliyense ayambe walemba tsamba lake lonse m'kope, ndi matagi omwe, kenako azilowa pa kiyibodi mosinthana, aliyense ndi fayilo yake. Amene akudikira awerenge kope la amene akulembayo ndi kuona ngati tagi lililonse lotsegulidwa latsekedwa.

Mphindi 15 zotsatira zikhale zowononga tsamba mwadala, ndipo gawo limeneli lisadumphidwe. Bulawuza siuza munthu kuti walakwitsa. Imangoyesa kumvetsa zimene yapatsidwa n'kuonetsa chimene yatha, choncho wophunzira ayenera kuphunzira kuzindikira cholakwa poona maonekedwe ake. Onse afufute `</h1>`, asunge, adine F5. Mawu otsatira mutuwo adzakula n'kuda kwambiri, chifukwa bulawuza ikuganiza kuti mutu ukupitirira. Abwezeretse, kenako afufute `</title>`. Ulendo uno tsamba lonse lidzayera, popanda chilembo n'chimodzi chomwe, chifukwa zonse zotsatira zatengedwa ngati dzina la tsamba. Abwezeretsenso, ndipo pomaliza afufute `>` wa pa `<p>` woyamba, ndipo adzaona kuti chiganizo cha m'ndimeyo chasowa, popeza chamezedwa ngati mbali ya tagi. Pambuyo pake ophunzira awiriawiri asinthane malo, wina awononge chinthu chimodzi mwachinsinsi, mwini wake achipeze. Lamulo lofufuzira ndi losavuta: ayang'ane pamene tsamba layambira kuoneka molakwika, ndipo afufuze tagi limene lili pamwamba pa malo amenewo mu Notepad.

Zithunzi ndi mitundu ndimazisiyira phunziro lachiwiri, ngakhale ophunzira amazipempha kwambiri. Chithunzi chimabweretsa mavuto akeake, monga dzina losafanana ndi la fayilo kapena foda yolakwika, ndipo wophunzira amene sanakhazikike pa kusunga ndi F5 sangathe kusiyanitsa mavuto amenewa ndi oyamba aja.

Mphindi 10 zomaliza ndi zoona ntchito ndi kuisunga. Mphunzitsi ayende pa kompyuta iliyonse, auze wophunzira kuti awonjezere chinthu chimodzi pa mndandanda iye akuona, ndipo achongere amene wachita yekha kuyambira pa kulemba mpaka pa F5. Amene sanathe alembedwe mayina kuti adzayambe ndi iwo pa kiyibodi sabata yamawa. Mafoda onse akopedwe pa fulashi ya mphunzitsi belu lisanalire, chifukwa fayilo yomweyi ya `ine.html` ndi imene adzaikepo chithunzi m'phunziro lotsatira.