Akakuberani chithunzi cha malonda, yambani ndi umboni

Tiyerekeze mayi wophika makeke ku Eliya 25. Tsiku lina kasitomala akumutumizira uthenga woti chithunzi cha keke ya ukwati imene mayiyo anaphika wachiona pa peji ya Facebook ya munthu wina wa ku Kawale, mawu ake omwewo ali pansi, koma nambala ya foni ndi ina ndipo mtengo ndi wotsikirapo. Ambiri zikatere amathamangira kukalalata pa pejiyo. Winayo amangofufuta chithunzicho n'kukutsekerani, umboni n'kuthera pomwepo.

Musanalankhule ndi aliyense, jambulani sikirinishoti yoonetsa dzina la pejiyo, chithunzicho, mawu ake ndi tsiku limene anachiika, ndipo musunge linki yake. Kenako fufuzani chithunzi chanu chenicheni mu foni imene munajambulira. Chimenecho chimasunga tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni, pomwe chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp kapena pa Facebook chimakhala chitachepetsedwa ndipo zimenezi zimafufutika. Musataye zithunzi zinzake zimene munajambula nthawi yomweyo, zopendekeka zija, zooneka mbale ndi tebulo la kukhitchini kwanu. Wokopera amakhala ndi chimodzi chokha, inu muli nazo zonse.

Lamulo la dziko lino loteteza ntchito zaluso, la chaka cha 2016, limateteza chithunzi kuyambira pamene chajambulidwa, ngakhale musanakachilembetse kulikonse. Koma dzifunseni kaye kuti anajambula ndani. Ngati munaitana wojambula n'kumulipira, mugwirizane naye polemba kuti umwini wa zithunzizo ndi wa yani, chifukwa keke kukhala yanu sikutanthauza kuti chithunzinso ndi chanu. Ndipo ngati inunso munachitola pa intaneti, palibe mlandu woti mukadandaule.

Umboni ukakwana, mulembereni mwiniwake wa pejiyo mwamseri, mwachidule ndiponso mwaulemu: "Chithunzi cha keke chimene mwaika pa peji yanu ndinajambula ndine ndipo chenicheni ndili nacho. Chonde muchichotse pamodzi ndi mawu ake pasanathe masiku atatu." Osatukwana, osaopseza. Ineyo ndimaletsa kwambiri zomutchula munthu kuti ndi wakuba pagulu, chifukwa akhoza kukutembenukirani n'kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, nkhani ya chithunzi ija n'kuiwalika.

Akakana kapena akangokhala chete, Facebook ndi Instagram ali ndi fomu yapadera yodandaulira za umwini, imene mungaipeze mukalemba `Copyright Report Form` pa malo awo a thandizo. Ndi yosiyana ndi batani lija la `Report` limene anthu amauzana m'magulu kuti tiyeni tonse tidine. Fomuyi amadzaza ndi mwini chithunzi kapena womuimira, ndipo imafuna linki ya chobedwacho ndi ya chanu. Dziwiranitu kuti dzina lanu ndi imelo yanu amazipereka kwa amene mukumudandaulayo, choncho gwiritsani ntchito imelo ya bizinesi. Peji imene yagwidwa mobwerezabwereza imatha kutsekedwa. Bungwe la COSOMA, limene limayang'anira lamuloli ndipo lili momwe muno mu Lilongwe, likhoza kukulangizani, ndipo kalata ya loya imafunika pamene ndalama zimene mwataya ndi zambiri kuposa zimene mungamulipire.

Pa mawu a pansi pa chithunzi chitetezo ndi chochepa. "Makeke okoma, imbani lero" ndi mawu a aliyense. Ndime yaitali imene munaikonza nokha yofotokoza malonda anu, imeneyo akaikopera yonse mukhoza kuidandaula.

Pamene anthu amakhumudwa kwambiri ndi pa nzeru ya malondayo. Lamuloli limateteza chimene mwajambula kapena kulemba, osati ganizo. Ngati munayamba ndinu kukongoletsa keke ndi maluwa a chitenje kapena kuthira bwemba mu juwisi, mnzanu akhoza kuchita zomwezo, n'kujambula zake, osalakwira lamulo. Chimene mungatchinjirize ndi dzina ndi chizindikiro cha bizinesi yanu pokazilembetsa ku boma pansi pa lamulo la zizindikiro za malonda la 2018. Kulembetsa bizinesi kokha si kulembetsa chizindikiro, ndi zinthu ziwiri. Kaphikidwe kanu ndi komwe mumaoda katundu, zimenezo muzisunge mumtima ndipo antchito anu asainire kuti sadzaulula.

Nkhani imasintha ngati munthuyo akunamizira kuti ndi inuyo kapena nthambi yanu. Kumeneko n'kupusitsa ogula, ndipo bungwe la boma loteteza ogula la CFTC limalandira madandaulo otere. Ngati akulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba koma keke osapereka, imeneyo ndi ya kupolisi, ndipo makasitomala anu muwauze msanga nambala yanu yeniyeni.

Pa zithunzi zatsopano, dzina la bizinesi musamaliike pakona, poti amangodulapo. Lidutse pa keke penipeni mosaphimba kukongola kwake, kapena muike kakhadi ka dzina ndi nambala yanu kutsamira kekeyo musanajambule.