"Ndi wolimbikira ntchito" si umboni: tiyeni tiikonze kalata ija

Ndakhala zaka zambiri pa tebulo lolemba anthu ntchito, ndipo pa mulu wa makalata owachitira umboni ofunsira ntchito ambiri amangonena zofanana: ndi wolimbikira, ndi wokhulupirika, amagwirizana ndi anzake. Ukawerenga asanu otere, wachisanu ndi chimodzi sumuwerenganso, maso amangothamangira pa siginecha. Zimandiwawa chifukwa nthawi zambiri munthu wake amakhala wabwinodi, koma bwana wake wakale sanamuonetse.

Mwezi wathawu anandipeza mayi wina amene ali ndi shopu ya feteleza ndi mbewu pa Salima boma. Mnyamata amene ankawasungira katundu anafunsira ntchito ya ukalaliki wa sitoko ku kampani ina yogula mpunga ku Nkhotakota, ndiye anawapempha kalata. Mayiwo anali atalemba kale mizere inayi: mnyamatayu anagwira ntchito kwa ine, ndi wolimbikira, wokhulupirika, wosunga nthawi, ndikupempha mumuthandize. Sitampu pansi, basi.

Ndinaphimba dzina lake ndi chala n'kuwafunsa kuti, "Mayi, nditaikapo dzina la mlonda wanu apa, pali chimene chingakhale bodza?" Anayang'ana kanthawi n'kuti ayi palibe. Mayeso ake ndi omwewo. Kalata ikakwanira wina aliyense ndiye kuti siikunena za munthu wanuyo.

Tisanalembe chilichonse ndinawapempha kuti mnyamatayo atumize chilengezo cha ntchitoyo pa foni, chifukwa umboni umasankhidwa potengera chimene olembawo akufuna. Iwo ankafuna munthu wodziwa kulandira katundu, kulemba m'mabuku ndi kuyang'anira onyamula matumba. Ndiye zoti amaseka bwino ndi makasitomala tinazisiya kaye, ngakhale zinali zoona.

Kenako tinatenga mawu aja limodzilimodzi, funso langa lili limodzi lomwelo: "Munaziona liti?"

Pa "wokhulupirika" mayiwo poyamba anangoti aa, mwana ameneyu sanandibereko. Kusaba ndi kwabwino koma wowerenga sakuona kanthu pamenepo. Ndinawafunsanso kuti panalibe tsiku limene mpata wobera unalipo koma iye anachita zina? Apo m'pamene anakumbuka. M'Disembala 2022, mvula itayamba anthu ali pamzere kufuna feteleza, lole inabwera ndi pepala lonena kuti matumba ndi 300 a makilo 50. Iye anawerenga akutsitsa n'kupeza 294. Dalaivala anamukakamiza asaine kaye zinazo akambirana, kuli kuda, mayiwo ali ku maliro ku Khombedza, koma iye anakana mpaka dalaivala analemba yekha papepalapo kuti apelewera 6, n'kuwaimbira foni mayiwo nthawi yomweyo. Kampani yogulitsa fetelezayo inadzabweretsa matumba otsalawo sabata yotsatira. Nkhani imeneyi mayiwo ankaiona ngati yongocheza, pomwe kalata yonse yagona pamenepo, pakuti munthu wogula mpunga usiku ndi usana amaopa chinthu chomwechi, kalaliki wosainira katundu amene sanamuwerenge.

M'kalatamo tinaifupikitsa chonchi: "Mu Disembala 2022, ine kulibe, analandira lole ya feteleza imene pepala lake linkati matumba 300. Atawerenga anapeza 294, anakana kusaina mpaka kupelewerako kutalembedwa, ndipo matumba 6 aja tinabwezeredwa." Onani kuti mawu oti wokhulupirika mulibemo, wowerenga awanena yekha mumtima.

Pa "wolimbikira" tinachita kutsegula mabuku a sitoko, chifukwa mutu umaiwala ndipo umakonda kukuza zinthu. Mabuku anaonetsa kuti iye asanabwere katundu ankawerengedwa kamodzi pamwezi, ndipo pafupifupi mwezi uliwonse pankasowa matumba 4 kapena 5 osadziwika kolowera. Iye anayambitsa zowerenga Loweruka lililonse akatseka shopu, n'kumalemba zolowa tsamba lake zotuluka tsamba lake, ndipo chaka chake chomaliza chonse anasowa matumba 2 okha. Tinalemba momwemo: zinali bwanji kale, iye anachita chiyani, zinakhala bwanji pambuyo pake. Zitatuzi zikakhalapo ndiye kuti umboni wakwana.

Apa ndichenjeze, chifukwa anthu akamva kuti manambala amakometsa kalata amayamba kuwapeka. Mayiwo anafuna tilembe kuti malonda anakwera kawiri chifukwa cha iye, ndinakana. Malonda a feteleza amakwera ndi mvula, ndi mitengo, ndi zinthu zina zambiri zimene wosunga sitoko alibe nazo mphamvu, ndipo olemba ntchito odziwa amaimba foni n'kufunsa kuti nambala imeneyi mwaipeza bwanji. Mukayamba kuchita chibwibwi pafonipo, ndi zoona zomwe zija amayamba kuzikayikira, wovutika ndi mwana uja. Lembani chokhacho chimene munaona ndi maso kapena chili m'buku. Ngati nambala yeniyeni mulibe, nenani kuti "pafupifupi", kapena fotokozani chochitikacho popanda nambala. Komanso musaulule zinsinsi za bizinesi yanu kapena mayina a makasitomala angongole pofuna kukometsa.

"Wosunga nthawi" tinangochotsa, panalibe nkhani yoikirapo. M'malo mwake tinaika zoti nyengo ya feteleza ankayang'anira aganyu 4 otsitsa katundu ndi kulemba malipiro awo tsiku ndi tsiku, poti chilengezo chija chinkafuna zimenezo.

Ndime yoyamba nayo tinaikonza. "Anagwira ntchito kwa ine" sizikuuza munthu kuti mukumudziwa motani. Tinalemba kuti mayiwo ndi mwini shopu, mnyamatayo anali wosunga katundu kuyambira Malichi 2021 mpaka Ogasiti 2024, ndipo ankapereka malipoti kwa iwo mwachindunji. Tinaonjezera kuti anachoka yekha mwamtendere atapereka notisi, chifukwa kalata ikangokhala chete pamenepa wowerenga amayamba kuganiza zake. Kumapeto tinachotsa "mumuthandize" uja, amamveka ngati mukumupemphera chifundo. Tinaika kuti "nditakhala ndi malo ndikhoza kumulembanso ntchito lero," ndi nambala ya foni imene mayiwo amayankhadi. Mawu amenewa muwalembe pokhapokha ngati ndi zoonadi mumtima mwanu.

Ena amasokoneza kalatayi ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu anagwirapo ntchito. Lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limati wantchito akachoka n'kupempha, bwana ayenera kumupatsa satifiketi yonena dzina la olemba ntchito, mtundu wa bizinesi, nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro, ndipo musamakhale zomuyeza kagwiridwe kake pokhapokha mwini wake atapempha. Imeneyo ndi ufulu wake. Kalata yomuchitira umboni ndi ina, ndi mawu anu inuyo, ndiye ngati munthuyo simungamuikire kumbuyo ndi bwino kumuuza poyera n'kungomupatsa satifiketiyo, kusiyana ndi kumulembera mizere yozizira imene akaiwerenga kumeneko aona kuti mwalemba mokakamizika.

Popeza makampani ambiri amafuna kalata ya Chingerezi, ife tinayamba kukamba ndi kulemba zonse m'Chichewa, kumasulira kunabwera pomaliza. Mukayambira Chingerezi mutu umathamangira mawu oloweza aja. Yonse inakwana tsamba limodzi, ndime zinayi, ndipo tisanaidinde sitampu mayiwo anamuwerengera mnyamatayo pafoni kuti madeti ndi manambala agwirizane ndi zimene iye analemba pofunsira ntchito. Anatikonza malo amodzi: aganyu aja anali 5, osati 4.