Kumasulira sikirinishoti ya pa gulu: "ndikupha" wa nthabwala ndi "zikomo" wa mkwiyo

Sikirinishoti ya macheza a pa gulu la WhatsApp ikafika kwa womasulira, nthawi zambiri pamakhala patabuka nkhani. Wina akufuna kukaionetsa kwa abwana osamva Chichewa, ku komiti yosungitsa mwambo pantchito, mwinanso kukhoti, poti lamulo la 2016 loona za mauthenga ndi zochitika za pa intaneti limalola kuti uthenga wa pa foni ukhale umboni. Amene adzawerenge zomasulirazo sadziwa olembawo, sanamvepo mawu awo, ndipo adzagamula potengera pepala lomwe mwamupatsa.

Tiyerekeze kuti kampani ina yonyamula katundu ku Kanengo ili ndi gulu la madalaivala ndi a mu ofesi. Ma alawansi achedwa. Mkulu wa kampaniyo ndi wochokera kunja, ndipo wina wamutumizira chithunzi ichi:

1. 10:42, Woyamba: Nde abwana a ku akaunti ma alawansi athu mwadya eti 😂😂
2. 10:43, Wachiwiri: Kkkkk iwe usandiyambe, geni yako ya mafuta ija tikuidziwa
3. 10:43, Woyamba: Aise ndikupha ine Lachisanu 💀
4. 10:44, Wachiwiri: sitika
5. 10:58, Wachitatu: Ayi zikomo. Tikuonani. 🙏

Mukangotembenuza liwu ndi liwu, mkuluyo awerenga kuti Woyamba wanena mnzake kuti ndi wakuba, kenako wamuopseza kuti amupha, tsiku watchula, chigaza waikanso. Wachitatu aoneka munthu waulemu amene wathokoza ndi kupemphera. Aliyense wokulira mu Lilongwe aona kuti zili mozondoka: awiriwo akuseweretsana, ndipo amene wapsa mtima ndi Wachitatuyo.

Mankhwala ake si kusintha mawu kuti amveke bwino. Womasulira amene walemba mu Chingerezi kuti "ndikuseka nawe" pamene munthu analemba "ndikupha" wabisa umboni, ndipo tsiku lomwe wina womva Chichewa adzayerekeze mapepala awiriwo, ntchito yonse idzakayikiridwa. Njira yodalirika ndi tebulo la madanga anayi. Danga loyamba likhale la nambala ya uthenga, nthawi ndi wolemba. Lachiwiri likhale la mawu enieni monga analembedwera, "nde" akhale "nde", ma k asanu akhale asanu, osakonza kalembedwe. Lachitatu ndi la kumasulira kotsata mawuwo, emoji iliyonse ili pamalo pomwe inali. Lachinayi ndi la ndemanga ya womasulira, ndipo m'menemo mokha ndi momwe mufotokoze kamvekedwe. Wowerenga azitha kusiyanitsa zomwe ananena wolemba ndi zomwe mukunena inu.

Ndemanga yabwino imaloza chinthu chooneka pa chithunzipo. Pa uthenga woyamba, "abwana" ndi "mwadya" ndi mawu aulemu, koma patangopita mphindi imodzi anthu omwewa akuitanana "iwe" ndi "aise". Munthu sangatchule mnzake bwana pa 10:42 n'kumutchula aise pa 10:43 ngati ulemuwo unali weniweni. Unali ulemu wosereula. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha la "iwe" ndi "inu", choncho kusinthaku kumasoweratu m'danga lachitatu, ndipo mukapanda kukulemba m'ndemanga palibe amene adzakuone. Lembani mwachidule: wolemba wagwiritsa ntchito mawu aulemu kwa munthu amene pambuyo pake akumuitana ngati mnzake wapamtima, "eti" ndi emoji ziwiri zoseka zikusonyeza kuti sakunena mlandu weniweni.

Samalaninso mbali inayo, chifukwa "iwe" sakhala wa chikondi nthawi zonse. Akadakhala kuti anthuwa akhala akuitanana "inu" m'mauthenga onse am'mbuyo, n'kutulukira "iwe" mwadzidzidzi popanda kuseka, chimenecho chikadakhala chizindikiro choti mtima wakwera. N'chifukwa chake chithunzi chimodzi sichikwanira. Pemphani mauthenga osachepera khumi am'mbuyo ndi khumi akutsogolo, chifukwa wojambula sikirinishoti amadula pomwe pamukomera.

Uthenga wachitatu ndi womwe ungachotsetse munthu ntchito, choncho umafunika kuufatsira. M'danga lachitatu mulembe kuti ndikupha, monga mmene zilili. M'ndemanga muike umboni woti ndi nthabwala. "Aise" ndi kaitanidwe ka anzako. Uthengawu ukuyankha nthabwala ina yomwe yayamba ndi "kkkkk", komwe ndi kuseka kolemba. Chigaza chija, pakati pa achinyamata ambiri, chimatanthauza kuti "ndafa nako kuseka", osati imfa. Ndipo amene akuti waopsezedwayo wayankha mu mphindi imodzi ndi sitika yoseketsa. Onaninso pansi pa uthengawo, kumene kumakhala timaemoji tomwe ena amadinapo osalemba kanthu, tomwe WhatsApp inayambitsa mu 2022. Ngati pali nkhope yoseka ndi nambala 6, lembani kuti anthu asanu ndi mmodzi anadinapo ndipo emoji yooneka ndi yoseka. Omasulira ambiri amatidumpha timeneti chifukwa ndi tating'ono, chonsecho ndi tomwe tikusonyeza mmene gulu lonse linamvera mawuwo. Ngati mwauzidwa kuti awiriwa ndi pachisuweni, kapena kuti ndi a mitundu iwiri yomwe imatoserana mwachibale, mutha kufotokoza kuti pa chikhalidwe chathu pali maubale olola kunyozana mosewera, koma mulembe kuti mwauzidwa ndi wopempha ntchitoyo, si zooneka pa chithunzi.

Emoji siimasuliridwa, imakopedwa. Kulemba "akuseka" m'malo mwa 😂 ndi kugamula kale, pakuti munthu amatha kuika nkhope imeneyo ali wokwiya, pofuna kunyoza. Ikopeni, ndipo m'ndemanga muike nambala yake ya `Unicode`, yomwe ndi nambala yoizindikiritsa pa foni ndi kompyuta iliyonse, monga `U+1F602` ya nkhope yoseka mpaka misozi, `U+1F480` ya chigaza, `U+1F64F` ya manja ophatikiza. Nambalayi imathandiza chifukwa chikalata chikasindikizidwa pa pulinta ya ku ofesi, emoji imatuluka ngati kabokosi kopanda kanthu kapena kadontho kakuda, ndipo 😂 ndi 😭 sizisiyananso. Palinso vuto loti emoji imodzi imajambulidwa mosiyana pa mafoni osiyana. Mu 2016 kampani ya Apple inasintha emoji ya mfuti kukhala kamfuti koseweretsa kothira madzi, pomwe makampani ena anasintha mu 2018, ndiye kwa zaka ziwiri wina ankatumiza choseweretsa mnzake n'kulandira mfuti yeniyeni. Lembani mtundu wa foni yomwe yajambula chithunzicho. Ndipo musaganize kuti makhoti amaziona ngati zamasewera: mu 2023 khoti lina la ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, linagamula kuti mlimi amene anayankha ndi 👍 pa chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu anavomereza mgwirizanowo.

Sitika ndi yovuta kuposa emoji chifukwa ilibe nambala, ndipo zambiri amapanga okha anthu kuchokera ku zithunzi za andale, azisudzo, abusa kapena mnzawo wa pagulu pomwepo. Ifotokozeni m'magawo atatu, motsatana. Yambani ndi chomwe maso akuona, popanda ndemanga: bambo akuthamanga, masilipasi ali m'manja. Kenako mawu olembedwa pa sitikayo, tinene "Ndathawa ine", ndi kumasulira kwake. Pomaliza ntchito yomwe sitikayo yagwira pamalopo: kuyankha moseka, monga munthu wonamizira kuopa. Mukalumpha gawo loyamba n'kungolemba "sitika yoseketsa", wowerenga alibe chotsimikizira. Mukalemba gawo loyamba lokha, mkulu uja awerenga kuti munthu akuthawa atauzidwa kuti aphedwa, ndipo mwamuwonjezera mantha. Nkhope ya pa sitika muitchule dzina pokhapokha ndi munthu wodziwika kudziko lonse ndipo simukukayika. Ngati sitikayo ndi yoyenda, sikirinishoti yagwira kamphindi kamodzi kokha, choncho pemphani kuiona pa foni.

Ena amati kuli bwino kutulutsa macheza onse kudzera pa `Export chat`. Zimathandizadi pa nthawi ndi ndondomeko ya mauthenga, ndipo mawu simuwalembanso pamanja. Koma mukasankha `Without media` pa foni ya Android, pamalo pa sitika pamangolembedwa `<Media omitted>`, ndipo timaemoji todina tija sitituluka m'fayiloyo. Gwiritsani ntchito zonse ziwiri, fayilo ndi zithunzi. Zolembedwa ndi WhatsApp yokha, monga `Edited`, `Forwarded` ndi `This message was deleted`, zilowenso m'tebulo, chifukwa uthenga wofufutidwa pakati pa 10:44 ndi 10:58 ukhoza kukhala womwe unakwiyitsa Wachitatu.

Pa "geni yako ya mafuta" musathamange. Geni ndi kabizinesi, ndipo ikhoza kukhala yoyera kapena yamseri. Kunena dalaivala wa kampani kuti ali ndi geni ya mafuta kumaloza kopopa dizilo m'galimoto n'kugulitsa, koma wolembayo sananene kuti kuba. Mukaika liwu la Chingerezi lotanthauza kuba, mwatsegula mlandu womwe kunalibe. Masulirani kuti kabizinesi ka mafuta, ndipo m'ndemanga munene matanthauzo onse awiri.

Tsopano Wachitatu. Walemba patapita mphindi 14, sanaseke, waika mipumiro yonse bwinobwino pa gulu lomwe ena onse akulemba mothamanga. "Ayi zikomo" wotere ndi wa munthu amene wakhumudwa koma wasankha kusakangana. "Tikuonani" akhoza kutanthauza kuti tikuona zomwe mukuchita, ndipo akhozanso kutanthauza kuti tidzakumana. Polankhula, kukweza ndi kutsitsa kwa liwu kukadathandiza, koma polemba Chichewa sitiika zizindikiro zimenezo. Manja ophatikiza aja amagwira ntchito ya pemphero, kuthokoza, kupepesa, ngakhalenso kutseka nkhani mokwiya. Apa womasulira woona mtima amalemba matanthauzo onse, n'kunena lomwe akuliona kuti likugwirizana ndi malowo ndi chifukwa chake, osabisa kuti linalo n'lotheka.

Mayina a pa chithunzi nawonso amapusitsa. Dzina looneka pamwamba pa uthenga nthawi zambiri limakhala lomwe mwini foni anasunga, ndiye ngati palembedwa "Wakuba wa ku akaunti", amenewo ndi maganizo a wojambula chithunziyo, ndipo ndemanga inene zimenezo. Mauthenga okhala kudzanja lamanja ndi a mwini foniyo. Nambala za foni za anthu osakhudzidwa ndi nkhaniyo muziphimbe pa kope lomwe lizungulire, n'kusunga chithunzi choyambirira chosakhudza.

Ku komiti adzakufunsani mwachindunji kuti, "Ndiye anamuopseza kapena ayi?" Yankhani mpaka pomwe pepala likufika: mawu olembedwa ndi akuti ndikupha, pali zizindikiro zisanu zosonyeza nthabwala, zomwe ndi "aise", "kkkkk" ya uthenga wam'mbuyo, chigaza, sitika yoyankhira ndi anthu asanu ndi mmodzi omwe anadinapo kuseka, palibe chizindikiro cha mkwiyo pakati pa awiriwo m'mauthenga omwe mwapatsidwa. Zoti Wachiwiri anachita mantha kapena ayi, komitiyo imufunse mwini wake.